Masabata 12 a mafunde: maseti angati, makilo angati, ndipo mubwerere liti?

*Akochi, ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka ziwiri ndi theka, kanayi pa sabata. Sikwati yanga yaima pa makilo 120 kasanu, benchi pa 85 kasanu, ndipo miyezi itatu yatha osasuntha. Ndinawonjezera maseti a miyendo mpaka 20 pa sabata koma chomwe ndapeza ndi mawondo opweteka basi. Ndamva za maseti 10 mpaka 20 pa sabata, komanso zokweza zitsulo ngati mafunde. Ziwirizi ndingazilumikize bwanji m'masabata 12?*

Achimwene, muli ndi zingwe ziwiri m'manja: kuchuluka kwa maseti ndi kulemera kwa chitsulo. Zingwezi sizikokedwa mpaka pamapeto nthawi imodzi. M'ndondomeko yomwe ndikupatseni, maseti adzafika pachimake pa sabata ya 7, pomwe makilo adzafika pachimake pa sabata ya 11, maseti atatsika kale. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonsezi ndi masamu chabe.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka maseti, chifukwa pamenepa ndi pomwe ambiri amasochera. Seti yomwe timawerenga ndi yokhayo yomwe mwaimaliza mutatsala ndi marepu anayi kapena ochepera apo kuti mulephere. Maseti otenthetsa thupi aja, a makilo 60 ndi 80 musanafike pa chitsulo chenicheni, salowa m'kaundula. Ndipo timawerenga pa gulu la minofu, osati pa mtundu wa masewero: sikwati, makina okankha ndi miyendo, sikwati ya mwendo umodzi ndi makina owongola miyendo, zonsezi zimagwera m'dengu limodzi la ntchafu zakutsogolo. Mnofu womwe ukungothandizira ndimauwerengera theka. Mwachitsanzo maseti 6 a benchi ndi 6 kwa chifuwa, koma ndi 3 okha kwa minofu yakumbuyo kwa mkono.

Nambala ya 10 ija sinangochokera m'mutu mwa munthu. Mu 2017, wofufuza za masewero olimbitsa thupi Brad Schoenfeld ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti minofu imakula kwambiri maseti akamachuluka, ndipo omwe ankachita maseti 10 kapena kuposa pa sabata anakula kuposa omwe ankachita ochepa. Koma 10 mpaka 20 ndi bwalo loyendamo, si nyumba yokhalamo. Amene wakhazikika pa 20 sabata ndi sabata alibenso koti n'kukwerera thupi likazolowera, ndipo kutopa kwa sabata ino kumapeza kwa sabata yatha kusanachoke. Kutopako kumaphimba mphamvu zomwe mwapanga. Ndikukhulupirira kuti m'miyezi itatuyi mphamvu zanu zakula ndithu, kungoti sizinapeze tsiku loonekera.

Ndiye mafunde amabwera pamenepo. Masabata atatu mukukwera, yachinayi mukutsika, ndipo muchita zimenezi katatu. Chifukwa chake n'chakuti kutopa kumatha msanga kusiyana ndi mphamvu. Sabata imodzi yopepuka imachotsa kutopa kochuluka koma siichotsa mnofu kapena mphamvu, choncho funde lotsatira mumaliyamba muli pamwamba pang'ono kuposa pomwe munayambira loyamba.

Tisanaike makilo tiyenera kudziwa chitsulo chomwe mungadzutse kamodzi kokha. Simukufunika kuchiyesa, makamaka ndi mawondo amenewo. Pali njira ya Epley yoyerekezera:

```
1RM = w × (1 + r / 30)
```

Apa `1RM` ndi chitsulo chodzutsa kamodzi chija, `w` ndi makilo omwe munanyamula, `r` ndi marepu. Pa sikwati yanu yankho likubwera 140, pa benchi pafupifupi 99. Izi n'zoona ngati repu yachisanu ija inalidi yomaliza. Ngati inatuluka msana utapindika kapena musanatsike mokwanira, chotsanipo makilo 5 pa 140 ndipo makilo onse omwe nditchule muwatsitse pang'ono.

Funde loyamba, masabata 1 mpaka 4

Miyendo muzichita kawiri pa sabata, tinene Lolemba ndi Lachinayi. Lolemba ndi la sikwati ndi makina owongola miyendo. Lachinayi ndi la makina okankha ndi miyendo ndi sikwati ya mwendo umodzi. Ndikugawa chonchi chifukwa ndaona kuti munthu akadutsa maseti 8 a mnofu umodzi tsiku limodzi, otsalawo amakhala ongomalizitsa, makilo atatsika ndipo kachitidwe katasokonekera.

Sabata yoyamba ntchafu zilandire maseti 10 okha. Lolemba sikwati maseti 3 a marepu 8 pa makilo 95, kenako maseti 2 pa makina owongola. Lachinayi maseti 3 okankha ndi 2 a mwendo umodzi. Sabata yachiwiri sikwati ikwere pa makilo 100, maseti 4, ndipo makina okankha nawo alandire seti ina: onse pamodzi 12. Sabata yachitatu ndi makilo 102.5, maseti 4 a marepu 8, ndipo masewero awiri ang'onoang'ono aja alandire seti imodzi imodzi kuti mufike pa 14. Sabata yachinayi mutsike pa maseti 6, sikwati ikhale maseti 2 a marepu 6 pa makilo 90.

Ndikudziwa mmene makilo 95 adzamvekere kwa munthu wozolowera 120. Mudzabweza chitsulo pa chikhomo chake mukupuma bwinobwino, mtima ukuti muikepo mbale zina. Musaike. Sabata yoyamba iyenera kukusiyani ndi marepu anayi m'thumba, yachiwiri atatu, yachitatu awiri pa maseti oyamba ndipo mwina imodzi pa seti yomaliza. Mukayamba ndi zolemera, sabata yachitatu mulibe kolowera. Kuthamanga si kufika. Komanso inu makamaka, amene mukuchokera pa maseti 20, masabata awiri oyambawa ndi mankhwala a mawondo anu.

Pa masewero ena atatu aja sindikupatsani makilo. Sankhani chitsulo chomwe mungachite nacho marepu 10 mpaka 15, ndipo mukafika pa 15 m'maseti onse, wonjezerani pang'ono n'kuyambiranso pa 10.

Funde lachiwiri, masabata 5 mpaka 8

Ili ndiye funde lolemera pa onse, ndipo ndikufuna tikhalepo nthawi. Marepu a sikwati atsika kufika pa 6, makilo akwera ndi 10 pa sabata iliyonse poyerekeza ndi funde loyamba: 105, kenako 110, kenako 112.5. Sabata ya 5 ndi maseti 3, ya 6 ndi ya 7 ndi maseti 4. Maseti onse a ntchafu ayende 12, 14, 16, ndipo sabata ya 8 mutsike pa 8.

Taonani kuti funde lachiwiri silikuyambira pomwe loyamba linathera. Munathera pa 14, mukuyambira pa 12. Mwabwerera kumbuyo masitepe awiri kuchoka pachimake, koma muli masitepe awiri patsogolo pa 10 uja munayambira. Chimodzimodzi ndi sikwati: makilo 105 ndi olemera kuposa 102.5, koma marepu 18 onse pamodzi ndi ntchito yochepa kwambiri poyerekeza ndi marepu 32 a sabata yachitatu. Funde ndi limeneli. Likanakhala kuti sabata iliyonse ikungoposa inzake, bwenzi mutabwerera ku njira yomwe inakuthandizani chaka choyamba koma tsopano yasiya kugwira.

Sabata ya 7 ndi yomwe imakuuzani zoona za thupi lanu, ndipo muyenera kukhala ndi kope. Pa seti iliyonse ya sikwati lembani makilo, marepu, ndi marepu omwe mukuona kuti anatsala. Lembani pomwepo, musanamwe n'komwe madzi, chifukwa pakapita mphindi zisanu seti iliyonse imaoneka ngati inali yophweka. Tsamba labwino la Lolemba la sabata ya 7 limaoneka chonchi: pa 112.5, seti yoyamba atsala awiri, yachiwiri awiri, yachitatu imodzi, yachinayi imodzi. Mwendo ukunjenjemera potsika masitepe, koma pofika Lachinayi kuwawa kwatha ndipo makina okankha akuyenda ndi makilo omwewo kapena oposa a sabata yatha. Zikatero, maseti 16 thupi lanu likuwakwanitsa.

Tsamba loipa limaoneka mosiyana. Chitsulo cha 80 chotenthetsera chikumveka ngati 100. Seti yoyamba ya 112.5 yatuluka movutikira, yachitatu mwaima pa repu yachinayi. Lachinayi likafika ntchafu zikadali zowawa mukakhala pampando, ndipo makina okankha atsika ndi marepu awiri kapena atatu pa makilo omwewo. Usiku mukutembenukatembenuka ngakhale muli otopa. Tsiku limodzi loipa lisakudetseni nkhawa, aliyense limamugwera. Koma masiku awiri otsatizana a miyendo akatsika chonchi, ndiye kuti mwadutsa malire anu. Musadikire kuti sabatayo ithe. Yambani sabata yopepuka pomwepo, ndipo lembani m'kope kuti denga lanu lili pa 14, osati 16. Nambala imeneyo ndi yamtengo wapatali kuposa 10 mpaka 20 ya anthu onse, chifukwa ndi yanuyanu.

Phunziro limeneli ndinalipeza mowawa. Mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa anafika pa sabata ya 6 akundiuza kuti chitsulo chikumulemera modabwitsa. Ine ndinayang'ana pepala, osati munthu, n'kumuuza kuti apirire chifukwa kupuma kwayandikira. Sabata ya 7 anamaliza maseti onse, koma pansi pa bondo lake panayamba kupweteka moti kwa mwezi wathunthu sankatha kuchita sikwati yozama. Funde lachitatu lonse linapita. Chizindikiro chinalipo, ndipo anandiuza ndi pakamwa pake. Mpaka pano zimandikhudza, n'chifukwa chake ndikulimbikira kuti pepala lizimvera thupi.

Palinso mbali inayo. Ngati sabata ya 7 yatha osamva chilichonse, marepu anayi akutsalabe pa seti yomaliza, ndiye kuti 140 ija inali yotsika. Musawonjezere maseti. Ikani makilo 2.5 kapena 5 pa funde lachitatu lonse.

Za sabata yopepuka ndinene mwachidule. Maseti adulidwe pakati, chitsulo chitsike ndi makilo 10 mpaka 15, ndipo marepu akhale ochepa moti mutsale ndi asanu kapena kuposa. Pa sabata ya 8, maseti 2 a marepu 5 pa makilo 100 akwanira. Pitanibe ku jimu masiku anu onse. Kulakwitsa komwe ndimakuona kawirikawiri n'kwakuti Lachinayi la sabata yopepuka munthu amamva thupi lapepuka, ndiye amayesa chitsulo chachikulu. Mphamvu zimenezo ndi za sabata yotsatira.

Funde lachitatu, masabata 9 mpaka 12

Apa zingwe ziwiri zija zikusiyana njira. Makilo akupitiriza kukwera: 115, 120, kenako 122.5, maseti 3 a marepu 4. Koma maseti a ntchafu akutsika: 10, 10, kenako 8. Pa sabata ya 9 ndi ya 10 gawani ngati mmene munachitira sabata yoyamba. Pa ya 11 chotsani seti imodzi pa makina owongola ndi ina pa makina okankha.

Anthu ambiri amaopa kutsitsa maseti poganiza kuti mnofu uphwa. Suphwa. Kusunga mnofu kumafuna ntchito yochepa kwambiri kusiyana ndi kuumanga, bola chitsulo chikhale cholemera ndipo maseti akhale amphamvu. Chomwe mukugula potsitsa maseti ndi miyendo yopuma bwino Lolemba, kuti makilo 120 muwadzutse mwachangu, msana uli gwa. Makilo 122.5 ndi pafupifupi 87 peresenti ya 140. Chitsulo chotere chimafuna kupuma mphindi 3 mpaka 5 pakati pa maseti, ndipo sichimakhululukira munthu yemwe anathera mphamvu pa makina Lachinayi lapitalo.

Pa sabata ya 10 mudzakumana ndi 120 wanu uja. Nthawi ino simukumuchita kasanu kamodzi kokha mutafinyika, mukumuchita kanayi m'maseti atatu. Ngati pa seti yoyamba mukuona kuti atsala awiri kapena atatu, ndiye kuti ndondomeko yagwira kale ntchito. Ngati yatsala imodzi yokha, sabata ya 11 bwerezani 120 m'malo mwa 122.5, palibe chotayika.

Sabata ya 12 ndi yopuma ndi kuyesa. Lolemba chitani maseti 2 a marepu 3 pa makilo 105, basi. Loweruka, kapena Lachisanu ngati mwapuma bwino, tenthetsani thupi, ikani 125, pakhale zitsulo zotchinga m'mbali kapena munthu wodziwa kuthandiza, ndipo chitani marepu onse omwe angatuluke bwino. Asanu pa 125 akutanthauza pafupifupi 146 pa masamu a Epley. Makilo 5 kapena 6 m'miyezi itatu angaoneke ochepa mukakumbukira chaka chanu choyamba, koma pa msinkhu mwafikawu ndi phindu lenileni, ndipo ndi nambala yatsopano yowerengera masabata 12 otsatira.

Benchi iyende m'mapazi omwewo, kungoti masitepe ake ndi aafupi, makilo 2.5 pa sabata. Funde loyamba 67.5, 70 ndi 72.5 pa marepu 8. Lachiwiri 75, 77.5 ndi 80 pa marepu 6. Lachitatu 82.5 ndi 85 pa marepu 4, kenako 87.5 pa marepu 3. Maseti a chifuwa atsate manambala omwe aja a ntchafu, ogawidwa masiku awiri. Dziwani kuti makilo 2.5 pa benchi ya 99 ndi sitepe yaikulu kuposa makilo 2.5 pa sikwati ya 140, choncho benchi ikakana pa sabata ya 7 kapena ya 11, kubwereza makilo a sabata yapita n'kwanzeru kuposa kukakamiza ndi matako ali m'mwamba.

Chinthu china chomwe chimagwetsa ndondomeko zotere ndi kufuna kukweza minofu yonse nthawi imodzi. Thupi ndi limodzi, tulo take ndi tomweto. Ntchafu, chifuwa, msana, mapewa ndi mikono zonse zikafika pa 16 sabata imodzi, mudzakhala ku jimu maola awiri tsiku lililonse ndipo palibe chomwe chidzachire. Masabata 12 awa apatseni ntchafu ndi chifuwa. Msana ukhale pa maseti 10 mpaka 12 osasinthasintha, mapewa ndi mikono pa 6 mpaka 8 kuwonjezera pa zomwe zikupeza ku benchi ndi zokoka, ndipo zonse zidulidwe pakati pa masabata opepuka. Dedilifiti ndiyo ndimaisamala kwambiri, chifukwa imadya msana womwewo womwe sikwati ikudalira. Ichiteni Lachinayi, koyambirira, maseti 2 kapena 3, mutsale ndi marepu atatu, ndipo musaikweze m'masabata 7 ndi 11.

Manambala onsewa ndawaika poganiza kuti mukugona maola 7 kapena kuposa, mukudya mokwanira moti sikelo sikutsika, ndipo mukupeza mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lanu patsiku. Ngati mukuchepetsa thupi, kapena ntchito yanu ndi yoimirira ndi kunyamula tsiku lonse, chotsani maseti awiri pa sabata iliyonse yokwera, kuti pachimake pakhale 14. Mukadwala kapena kujomba sabata yathunthu, iwerengeni ngati sabata yopepuka ndipo muyambirenso funde lomwe munalimo. Ndondomeko ikatenga masabata 13 kapena 14 sinawonongeke.

Mawondo aja tisawadumphe. Kuwawa kwa mnofu kumamveka pakati pa ntchafu, kumafalikira, ndipo kumachepa mukatenthetsa thupi. Ululu womwe mungauloze ndi chala chimodzi, pansi kapena pamwamba pa chivundikiro cha bondo, womwe ukukula seti ndi seti, ndi nkhani ina. Ukapezeka, yambani mwachotsa masewero omwe akuuputa, kawirikawiri amakhala makina owongola miyendo kapena sikwati ya mwendo umodzi, ndipo maseti akewo musawasamutsire kwina. Ngati pofika kumapeto kwa sabata yachinayi ululu sunachepe, kapena bondo latupa, likukakamira, kapena likufooka mukaponda, musayambe funde lachiwiri musanaonane ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo.